Mayi Masamu ndi Pulani Yothawa Mpira

Pasukulu pamene ankaphunzitsa Mayi Masamu panalibe mwana amene anawaonapo akuthamanga. Ngakhale mvula iyambe mwadzidzidzi, iwo ankayenda mmene ankayendera masiku onse, kaundula kukhwapa, magalasi pamphuno, mvulayo n'kumachita kuoneka ngati ndiyo yalakwa. Dzinali anawapatsa ndi ana akalekale, amene pano ena ndi azibambo a mimba zawo, ndipo linakakamira moti ngakhale makolo pamsonkhano ankaimirira n'kunena kuti, "Funso langa lipite kwa Mayi Masamu," osadziwa kuti si dzina la pachiphaso.

Anali ataphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri osagwirapo ndodo. Sankaifuna n'komwe. Ankangotsitsa magalasi pang'ono n'kumuyang'ana mwana, mwanayo n'kuyamba kuulula ngakhale milandu imene sanafunsidwe. Aphunzitsi ena ankasekedwa, wina chifukwa cha nsapato yolira, wina chifukwa cha choko chomatirira kumbuyo kwa buluku. Iwo panalibe mwana anawasekapo, ndipo ulemu umenewu ankausamala kuposa mbale zawo zagalasi zimene zinkatuluka m'kabati pokhapokha kukabwera alendo.

Koma mayiwa anali ndi chinsinsi chimene ankachidziwa ndi amuna awo okha. Sankatha kuwakha mpira. Kunena kuti sankatha n'kuwakomera mtima, chifukwa zoona zake n'zakuti mpira ankauopa. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mphunzitsi wina anaimika kalasi yonse mozungulira n'kumaponyera aliyense amene wamufuna, mosachenjeza. Mpira wachikopa wonyowa unawapeza pamphuno akuyang'ana kumbali. Magazi anasiya kutuluka tsiku lomwelo, koma kuseka kwa anzawo kunawatsatira mpaka ukulu. Kuchokera pamenepo, chinthu chozungulira chikangobwera m'mwamba, maso ankatsinzina okha, mapewa n'kukwera kukabisa khosi.

Munthu wa mutu wakuthwa sasowa pothawira. Kukoleji anadzipereka kukhala wowerengera zigoli, ndipo ankawerengera mwaluso moti palibe anaganizapo zowalowetsa m'bwalo. Atayamba ntchito anapeza njira zina. Piriyodi ya masewera olimbitsa thupi ikakwana, ankasuzumira pawindo n'kuona mtambo umene wina aliyense sankauona. Kukakhala kuti kumwamba kwayera mbee, ankakumbukira kuti mayeso ayandikira, ngakhale teremu itangoyamba kumene. Ana ankatulutsa makope a masamu mwakachetechete, anzawo a makalasi ena akufuula panja.

Zinthu zinasokonekera atabwera ahedi atsopano, mayi wachitsikana ndithu, wovala nsapato zothamangira ngakhale mu ofesi. Ahediwa anali ndi khalidwe loipa loyendayenda ndi ndandanda ya maphunziro m'manja. Lachinayi lina anaima pakhomo pa kalasi ya Mayi Masamu, n'kuyang'ana pa bolodi, n'kuyang'ananso pepala lawo.

"Madamu, apa palembedwa kuti ana anu ali kubwalo."

"Kunja kukuoneka ngati kugwa mvula, ahedi."

Ahedi anatulutsa mutu panja, n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali ndithu, mwaulemu, ngati akufunadi kuwathandiza kuupeza mtambowo. Kenako anati, "Lachinayi likubwerali ndidzabwera kudzaonerera phunziro lanu la masewera. Musankhe luso limodzi la mpira. Ana ambiri a kalasi yanuyi sanaphunzirepo kuwakha bwinobwino, ndiye mwina muyambire pamenepo. Pulani yake ndiione Lolemba."

Pa maluso onse a padziko lino, anatchula kuwakha. Mayi Masamu anagwedeza mutu modekha.

Nthawi yopuma anapita kukapempha nzeru kwa a Kochi, mphunzitsi amene ankayang'anira matimu a sukulu, munthu wamtima wabwino amene wezulo sinkachoka m'khosi mwake ngakhale pamaliro. A Kochi anaseka, n'kunena kuti imeneyo si nkhani yoti munthu n'kutaya nayo tulo.

"Mugawe ana pawiri, awa uku awa uku. Muyambe mwawaonetsa kaye, mwana mmodzi akuponyereni kangapo, inu n'kumawakha. Mukatero ponyani mpira pakati, azilimbirana. Amaphunzira okha."

"Nanga amene satha?"

"Ukawamenya kawiri katatu amachangamuka."

Mayi Masamu anathokoza. Anakumbukira kuti bokosi la mankhwala a zilonda linkakhala pafupi ndi tebulo la a Kochi, ndipo tsiku limenelo anamvetsa chifukwa chake.

Loweruka masana anakhala pakhonde ndi kope latsopano, rula ndi pensulo. Amuna awo, amene anapuma pantchito yoyendetsa basi, anali pambali akusoka lamba wa chikwama. Atamva nkhaniyo anayesetsa kudziletsa, koma mapewa ankagwedezeka.

"Ndiye mudwala chiyani Lachinayilo, amayi? Dzino munadwala kale chaka chatha."

"Sindidwala. Ndilemba pulani."

"Pulani imawakha mpira?"

"Inu sokani chikwamacho, abambo."

Cholinga chawo, chimene sanachilembe pamzere wa zolinga, chinali chimodzi. Ankafuna phunziro la mphindi makumi anayi, ana makumi anayi ndi anayi, mipira yambirimbiri, koma popanda mpira ndi umodzi womwe wobwera kumene aima iwo. Anaitenga ngati samu. Anajambula bwalo, n'kuyamba kudzifunsa funso limene a Kochi sanadzifunsepo chibadwire: mwana akaphonya, mpirawo upita kuti?

Upita kumbuyo kwake. Choncho anajambula mizere iwiri yokha yoyang'anizana, yotsata utali wa bwalo, aliyense ndi mnzake, kuti mipira yonse izidutsa mopingasa. Kumbuyo kwa mzere uliwonse anasiya mapazi khumi opanda munthu, opanda msewu, opanda windo la kalasi. Upitanso m'mbali, mwana akaponya mokhota. Choncho analemba kuti aliyense atambasule manja onse awiri, zala zisakhudze za mnzake wa pambali, kenako asunthenso pang'ono. Anawerengera kuti awiriawiri makumi awiri ndi awiri, atatalikirana mapazi awiriawiri, akwana bwino m'bwalomo malo n'kutsala. Anakumbukiranso kuti piriyodiyo ndi ya m'mawa, ndipo mwana amene dzuwa lamuthobwa m'maso sawona mpira, amangoumva utafika. Anatembenuza mizereyo papepala mpaka dzuwa linakhala cha kumbali kwa onse.

Atatha zonsezi anaika kamtanda kumapeto kwa mizere, mapazi asanu kuchokera pa ana omalizira. Pamenepo munthu ankatha kuona mwana aliyense, ndipo panalibe mpira umene ukanafikapo pokhapokha utachita kutumidwa. Pambali pa kamtandako analemba kuti, "Mphunzitsi." Anakayang'ana kamtandako mwachikondi.

Mipira inali nkhani ina. Sukulu inali ndi mipira inayi yachikopa, iwiri yophwa, ina iwiri yopopedwa ndi a Kochi mpaka kulimba ngati mwala. Mayi Masamu sanaifune ndi umodzi womwe. Analemba kuti ana awiri alionse apange mpira umodzi wa nsanza ndi mapepala apulasitiki, womanga ndi chingwe, waukulu wokwana manja awiri, wofewa woti ukagwa pankhope munthu angodabwa koma asalire.

Chovuta chinatsala chinali luso lenilenilo. Munthu ungaphunzitse bwanji chinthu chimene sunachionepo ndi maso otsegula? Anapinda masokosi atatu n'kupanga kampira, n'kuwapatsa amuna awo.

"Taimani apo. Dziponyereni m'mwamba, muwakhe. Pang'onopang'ono."

"Mpira sugwa pang'onopang'ono, amayi."

"Ndiye bwerezani mpaka ndione."

Bambowo anabwereza kokwana makumi atatu, mayi woyandikana nawo nyumba akusuzumira pampanda kuti aone ngati ukalamba wayamba kulowa kumutu. Mayi Masamu ankalemba. Anaona kuti manja amatsogola mpira usanafike, zala zitatambasuka. Anaona kuti mpira ukakhala wa pachifuwa kapena pamwamba, zala zazikulu zimayandikana, ndipo ukakhala wotsika, zimayandikana ndi zing'onozing'ono. Anaona kuti maso sauleka mpira mpaka utalowa m'manja, ndiponso kuti manja akaulandira amabwerera nawo kuchifuwa, osaukankha. Zinatuluka mfundo zinayi, ndipo anazilemba mwachidule zoti mwana angaloweze: maso pampira, manja patsogolo, zala zotambasula, kokera kuchifuwa.

Kenako anasanja masitepe. Apa sanafunse munthu, chifukwa katswiri wa mantha anali iwo eni. Ankadziwa kuti mpira umaopsa pa zifukwa zitatu, ukabwera mwadzidzidzi, ukabwera mwamphamvu, ndiponso ukachokera kutali. Choncho sitepe yoyamba inali yogubuduzirana pansi, kuti manja azolowere kulandira. Yachiwiri inali yodziponyera wekha, osapitirira mutu, kasanu, kenako kugubuduzira mnzako kuti naye achite. Yachitatu inali yoponyerana mutatalikirana mapazi awiri okha, kuponya kochokera m'munsi, kolunjika pachifuwa. Mukawakha kasanu motsatizana, mmodzi abwerere m'mbuyo phazi limodzi. Wina akagwetsa kawiri, muyandikirane phazi limodzi, popanda mlandu. Yachinayi inali yoponya pang'ono kumbali kuti wowakha asunthe phazi. Pomaliza anaika kamasewera ka anayianayi, gulu lililonse m'bokosi lake lojambula pansi, kuwerenga kuti awakha kangati mphindi imodzi isanathe.

Malamulo anali atatu, ndipo loyamba analilemba ndi zilembo zazikulu. Palibe kuponya mpaka wowakha atatambasula manja n'kunena yekha kuti, "Ponya." Lachiwiri, wezulo ikalira, mipira yonse pansi. Lachitatu, mpira ukathawira kwa ena, osadutsa pakati pa mizere, dikira wezulo.

Amuna awo anawerenga akusuzumira paphewa. "Nanga poonetsa ana, muonetsa ndi ndani?"

"Atsikana awiri a mu timu ya mpira wamanja. Ine ndizifotokoza."

"Ana akadzakhala osakwana awiriawiri? Wotsalayo ndiye adzakhala wanu."

"Mukundiyesa wa dzulo? Taonani apa. Omalizira adzakhala atatu. Wachitatu adzaima kumapeto kwa mzere, n'kumasinthana akaponya kasanu."

Bambowo anapukusa mutu mogoma, n'kunena kuti mbava yeniyeni imafunika kuphunzira kwa aphunzitsi. Kenako anatola kampira ka masokosi kaja. "Bwanji tingoyesa kamodzi? Mapazi awiri, monga mwalemberamu."

Mayi Masamu anali atayesako kale sitepe yachiwiri kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndipo inatheka, chifukwa mpira wodziponyera wekha sukhala ndi chiwembu. Koma wochokera m'manja mwa munthu wina, ngakhale munthu amene wakhala naye zaka makumi atatu, unali wina.

"Mu pulanimu mulibe pamene ine ndikuwakha," anatero, n'kutseka kope.

Lolemba ahedi anawerenga pulaniyo kawiri. Anaitana a Kochi n'kuwaonetsa chojambula chija, mivi yoloza kumene mipira yophonyedwa ipite, ndi kadzuwa kojambulidwa pakona. Anati sanaonepo mphunzitsi woganizira chitetezo cha ana chonchi. Mayi Masamu analandira chiyamikirocho ndi nkhope ya munthu wozolowera. Mumtima munawaluma pang'ono, chifukwa ankadziwa kuti mwana amene ankamuteteza kwambiri anali wa zaka makumi asanu ndi ziwiri.

Lachinayi anafika m'mamawa. Anayenda bwalo lonse akutola miyala, zitsekerero za mabotolo ndi chidutswa cha waya, ndipo dzenje limene anapeza chakumapeto analikwirira n'kulipondaponda. Anathira phulusa mizere iwiri, n'kuika timadontho posonyeza poima mwana aliyense. Kamtanda kawo anakathira phulusa lochuluka kuposa pena paliponse.

Poitana mayina anapeza kuti mwana mmodzi sanabwere. Anatsala makumi anayi ndi atatu. Sanatekeseke, chifukwa pulani inali itaona kale zimenezi.

Ana anatuluka mokayikira, ngati anthu amene auzidwa kuti atuluke m'ndende koma sakudziwa ngati ndi msampha. Anasiya mapensulo ndi zolembera m'kalasi monga anauzidwira. Anathamanga pang'onopang'ono kuzungulira mizere, anazunguza mapewa ndi mikono, anatambasula zala. Atsikana awiri aja anaonetsa kuwakha, Mayi Masamu akufotokoza ali chapatali ndithu, ndi mawu a munthu amene anawakha mipira moyo wake wonse. Ahedi anakhala pampando kunja kwa bwalo, kope pamwendo. A Kochi anabwera osaitanidwa, n'kuima manja m'chiuno kudikira chisokonezo.

Chisokonezocho sichinabwere. Mipira inagubuduka, kenako inakwera m'mwamba n'kubwerera m'manja mwa eni ake. Pofika sitepe yachitatu bwalo lonse linali "ponya, ponya, ponya," ngati msika wa chinthu chimodzi. Yophonyedwa inkagwera m'malo opanda munthu, ndendende mmene mivi inalozera. Mnyamata wina atayamba kuponya ngati akugenda mbalame, wezulo inalira, mipira yonse inatsika pansi, magalasi anatsika pang'ono, ndipo mnyamatayo anakumbukira yekha kuti kuponya n'kochokera m'munsi. Mayi Masamu anaima pa kamtanda kawo, ouma, osakhudzidwa, mtima uli m'malo. Anayamba kuganiza kuti masewera si chinthu choipa kwenikweni.

Ndi pamene anazindikira za gulu la atatu lija, limene linali pafupi nawo. Wachitatu wake anali mtsikana wowonda, wa pabenchi yakumbuyo, amene anzake ankangomutcha kuti Kachete. Masamu ankakhoza, koma mawu ake anthu ankawamva kamodzi pa teremu. Mtsikanayu anali ataima kumapeto kwa mzere monga pulani inanenera, ndipo ankawerengera anzake mokweza ndithu. "Chitatu. Chinayi. Chisanu." Nthawi yosinthana itakwana, anawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale, n'kuwanong'oneza anzakewo kuti apitirize. Iwo anapitiriza mosangalala. Mtsikanayo anawerengeranso kasanu, kenako chinamasuka chingwe cha nsapato inayo.

Ahedi sanaone kanthu. A Kochi akanati amuyang'ane, akanangoona mwana wothandiza anzake. Koma Mayi Masamu anaona mmene mapewa a mwanayo ankakwerera mpira ukangodutsa pafupi, ndipo ntchito yowerengerayo ankaidziwa bwino kuposa aliyense pabwalopo. Chinawapweteka n'chakuti pobisalapo anamukonzera ndi iwo omwe, ndi rula ndi pensulo.

Akanatha kungoyang'ana kumbali. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu zokha, ndipo phunziro linali likuyenda ngati wotchi. Anayang'ana kumbali ndithu, kwa kanthawi. Koma anauona moyo wonse wa mwanayo uli poyera, zaka makumi anayi za kumanga zingwe za nsapato, ndipo anakwiya. Sanadziwe ngati akukwiyira mphunzitsi wawo wakale uja kapena iwo eni.

"A Kochi," anaitana, "tabwerani muime apa. Muziona mizere yonse iwiri. Wina akadutsa pakati, imbani wezulo yanuyo."

A Kochi anabwera mwachangu, poti mwayi woimba wezulo sankaukana. Mayi Masamu anatola mpira umene unatsala chifukwa cha mwana wojomba uja, n'kupita pa timadontho tiwiri topanda munthu kumapeto kwa mizere.

"Iwe, tabwera. Ima apo."

Mwanayo anabwera ngati wopita kukabayidwa jekeseni.

"Sindiponya mpaka unene wekha. Tambasula manja."

Manja anatuluka. Patapita nthawi, kunamveka kamawu. "Ponyani."

Kuponya Mayi Masamu ankatha, poti mpira wochoka kwa iwe ulibe vuto. Anauponya mofatsa. Mwanayo anatsinzina, mpira unamugunda pamkono n'kugwa. Anaugubuduza kubweza. Ulendo wachiwiri zinachitika chimodzimodzi.

"Kawiri. Lamulo likuti chiyani?"

"Tiyandikirane."

Anayandikirana mpaka kutsala phazi limodzi. Mayi Masamu anatsitsa mawu kuti ena asamve. "Usayang'ane mpira wonse. Wonse umaopsa. Ukuiona mfundo ya chingwe iyi? Uyang'ane imeneyi yokha, uone ngati izungulire."

Sanadziwe kumene nzeruyi inachokera. Mwina inakhala ikudikira m'mutu mwawo zaka zonsezi. Mwanayo anayang'anitsitsa mfundoyo, n'kunena kuti ponyani, ndipo mpira unalowa m'manja mwake n'kukhala momwemo. Anauyang'ana modabwa, kenako anayang'ana aphunzitsi ake, pakamwa pali pululu.

Mayi Masamu anasangalala kwambiri moti anachedwa kuzindikira chimene chinali kubwera. Iwo amene anawerengera dzuwa, mawindo, dzenje ndi mwana wojomba, anaiwala chinthu chimene mwana aliyense pabwalopo ankachidziwa, chakuti mnzako akawakha, amakuponyera iweyo. Mwanayo anabwerera pa kadontho kake, n'kugwira mpira m'munsi monga anaphunzitsidwira, n'kudikira.

Mawu oti "gubuduza" anafika pa lilime. Anali mawu abwinobwino, ndipo palibe akanawafunsa. Koma mwanayo sankayang'ana nkhope yawo. Ankayang'ana mapewa awo, amene anali atakwera kale, ndipo m'maso mwake munayamba kuoneka kuzindikira. Mayi Masamu anadziwa kuti akangozemba, mwanayu aphunzira phunziro lenileni la tsikulo, lakuti munthu ukhoza kuzemba mpaka kukalamba.

"Madamu," anatero mwanayo motsitsa, "manja."

Anatulutsa manja. Ankaoneka ngati a munthu wina. Ana oyandikira anali atasiya kuponyerana, ndipo kuleka kumeneku kunayenda mzere wonse mpaka kumapeto. A Kochi, amene ntchito yawo inali kuyang'ana mizere, nawonso ankayang'ana kuno. Ahedi anali ataimirira.

"Ponya," anatero Mayi Masamu.

Sanauone. Anangomva kanthu kofewa kakugunda pachifuwa, ndipo potsegula maso anapeza manja awo akuwomba mphepo, mpira uli pa nsapato. Kenako mnyamata wogenda mbalame uja chinamupulumuka chiseko m'mphuno, ndipo bwalo lonse linaphulika. Ana anaseka mpaka ena kukhala pansi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zinathera pamenepo, m'mawa wa Lachinayi, pamaso pa ahedi. Anamva manyazi otentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, omwe aja a pamene anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, osakalamba ngakhale pang'ono.

Dzanja linapita lokha ku magalasi kuti liwatsitse. Akanatero, bwalo likanazizira nthawi yomweyo. Koma amene sankaseka pabwalo ponsepo anali mmodzi, ndipo anali atatola kale mpira.

"Mwatsinzina, Madamu."

"Ndikudziwa."

Anasiya magalasi pamalo pake, n'kutambasulanso manja. Ulendo wachiwiri maso anapirira mpaka theka la njira, mpira unakhudza zala n'kudumphira kumbali. Kuseka kunabweranso, koma kocheperako, poti ena anali atayamba kufuna kuona mathero ake.

"Kawiri," anatero mwanayo, mosanyoza, ngati mmene amayankhira samu. Anayandikira phazi limodzi, n'kutembenuza mpira m'manja mwake mpaka mfundo ya chingwe inaloza kwa aphunzitsi ake.

Mayi Masamu anaiyang'ana mfundoyo. Inali ya chingwe chabuluu, yomangidwa mosasamala, nsonga imodzi yaitali kuposa inzake. Anapuma, n'kunena mawu aja. Anaiona ikunyamuka, anaiona ikuzungulira kamodzi ndi theka, ndipo zala zawo zinatseka pa chinthu chofunda, chopepuka, chonunkha fumbi. Anachikokera kuchifuwa.

Ana anawomba m'manja, ena moseka, ena moona mtima, ndipo a Kochi anaimba wezulo popanda chifukwa chilichonse, zimene zinachititsa kuti mipira yonse itsike pansi. Mayi Masamu sanamve bwino zonsezi. Anangoima ataukumbatira mpira wa nsanzawo ndi manja onse awiri. Anali wokondwa ngati mwana, komanso anamva chisoni chachikulu, chifukwa chinthu chimene anachithawa zaka makumi anayi ndi zitatu chinali chopepuka chonchi.

Ulemu wawo sanadziwe ngati udzabwerera wonse, ndipo Lachisanu linali kubwera ndi masamu ake. Kunali kutatsalanso sitepe yachinayi ndi kamasewera ka anayianayi, ana onse akudikira mawu awo. Iwo anali asanakonzeke kuusiya mpirawo.

Patsogolo pawo mwana uja anali atatambasula kale manja, zala zili tambasu, maso ali otsegula.

"Ponyani, Madamu," anatero. "Tatsala ndi kanayi kuti titalikirane."